Kuwala sikutuluka m'dzenje lakuda: njira zinayi zofotokozera, ndi yoyenera kusankha

Amene akukonzekera kuphunzitsa za dzenje lakuda, kapena akungofuna kulimvetsa yekha, amapeza kuti mabuku safotokoza mofanana. Lina limakamba za mwala woponyedwa m'mwamba, lina za nsalu yobonyoka, lina za mtsinje, lina limajambula mizere yopendekeka. Zonsezi zikuyankha funso limodzi, lakuti n'chifukwa chiyani kuwala sikutuluka m'dzenjemo, koma sizilingana. Njira yosavuta kwambiri imapereka nambala yolondola pa chifukwa cholakwika, ndipo yolondola kwambiri imafuna kuti womvera ayambe wasintha mmene amaganizira za nthawi.

Mmene dzenjelo limapangikira

Gawo ili silisintha, kaya musankhe njira iti. Nyenyezi imakhalapo chifukwa mphamvu ziwiri zikulimbana. Kulemera kwake kumakokera zonse pakati, pamene kutentha kwa m'phata mwake kumakankhira kunja. Kutenthako kumabwera chifukwa timaatomu topepuka tikuphatikizana n'kupanga tolemererapo: haidirojeni amasanduka heliyamu, heliyamu n'kusanduka kaboni ndi okosijeni. Nyenyezi ngati dzuwa lathu imalekezera pomwepo. Koma yolemera kuposa madzuwa 8 imapitiriza, ndipo gawo lililonse limatha msanga kuposa lapitalo. Nyenyezi yolemera ngati madzuwa 25 imatha zaka mamiliyoni angapo pa haidirojeni, zaka mazana angapo pa kaboni, miyezi yowerengeka pa okosijeni, ndipo silikoni imamumaliza pafupifupi tsiku limodzi. Chotsala pakati ndi chitsulo.

Pa chitsulo ndi pamene zimathera, chifukwa kuphatikiza maatomu a chitsulo sikutulutsa mphamvu, kumachita kuidya. Phata lachitsulolo, lalikulu ngati dziko lapansi, limangodalira maelekitironi amene amakana kupanikizidwa pamalo amodzi. Kukana kumeneku kuli ndi polekezera. Subrahmanyan Chandrasekhar anawerengera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 kuti sikungachirikize kulemera kopitirira madzuwa pafupifupi 1.4. Phatalo likafika pamenepo limagwera mkati pasanathe sekondi imodzi. Maelekitironi amakanikizidwira m'mapulotoni n'kupanga manyutironi, ndipo chinthu chimene chinali chachikulu ngati dziko chimasanduka mpira wa makilomita 20 kapena kupitirirapo pang'ono m'mimba mwake.

Kawirikawiri mpirawu umapirira, zigawo zakunja za nyenyezi n'kuphulika, ndipo pamatsala nyenyezi ya manyutironi. Nayonso ili ndi malire ake, amene ali pakati pa madzuwa 2 ndi 3. Zinthu zogwera pamwamba pake zikaipyoletsa pamenepo, palibenso mphamvu yodziwika imene ingaimitse kugwako. Robert Oppenheimer ndi Hartland Snyder anasonyeza mu 1939 mmene kugwa kotereku kumayendera, ndipo Roger Penrose mu 1965 anatsimikiza kuti kumachitika ngakhale nyenyeziyo ikhale yosabulungika bwino. Phatalo likachepa kupyola msinkhu wina, pamapangika malire amene chowadutsa sichibwereranso. Msinkhuwo umawerengedwa chonchi, kuchokera pakati kufika pa malirewo:

`r = 2GM/c²`

Apa `M` ndi kulemera kwa chinthucho, `c` ndi liwiro la kuwala, ndipo `G` ndi nambala yosasintha ya mphamvu yokoka. Mwachidule, ndi makilomita atatu pa kulemera kwa dzuwa limodzi. Dzenje lolemera ngati madzuwa 10 lili ndi malire pa makilomita 30 kuchokera pakati, ndipo limeneli ndi lomwe tiyesere njira zonse. Dziwani kuti izi zikukhudza maenje obadwa ku nyenyezi. Aakulu a pakati pa milalang'amba, monga la mlalang'amba wathu lolemera ngati madzuwa pafupifupi 4 miliyoni, anakula mwa kumeza mpweya ndi kuphatikizana ndi anzawo.

Zoyezera

Njira iliyonse ndaiyang'ana pa zinthu zinayi. Mtengo ndi masamu ndi khama zimene womvera ayenera kulowetsapo. Kupezeka ndi zimene mukufunika kukhala nazo kuti muiyambe. Kusamalira ndi zimene mudzayenera kukonzanso womverayo akapita patsogolo. Zoopsa ndi maganizo olakwika amene njirayo imasiya m'mutu.

Palinso funso limodzi limene wophunzira wochenjera sachedwa kufunsa, ndipo limasiyanitsa njirazi kuposa china chilichonse: bwanji nditakhala ndi roketi yosatha mafuta, n'kumakwera pang'onopang'ono, sindingatuluke?

Njira yoyamba: liwiro lothawira

Mukaponya mwala m'mwamba umabwerera. Mukauponya pa liwiro la makilomita 11.2 pa sekondi, osawerengera mpweya, subwereranso padziko. Pamwamba pa dzuwa pamafunika makilomita 618 pa sekondi. Chinthu chikamapanikizika kulemera kwake kusanasinthe, liwiroli limakwera, chifukwa mwalawo ukuyambira pafupi ndi pakati. Pa nyenyezi ya manyutironi limaposa theka la liwiro la kuwala. Madzuwa 10 akapanikizidwa mpaka makilomita 30, limafika makilomita 300,000 pa sekondi, lomwe ndi liwiro la kuwala. John Michell anaganiza zimenezi mu 1783, Einstein asanabadwe n'komwe, ndipo Pierre-Simon Laplace anafika pa ganizo lomweli mu 1796.

*Mtengo.* Wotsika. Amene anaphunzira malamulo a Newton akhoza kuyamba ndi `v = √(2GM/r)`, kuika `c` m'malo mwa `v`, n'kupeza yekha makilomita 30 aja.

*Kupezeka.* Ili m'mabuku ambiri a sayansi, ndipo imangofuna pepala ndi makina owerengera.

*Kusamalira.* Apa ndi pamene imadula. Nambala imene imatuluka ikufanana ndendende ndi ya Karl Schwarzschild ya mu 1916, yochokera ku mfundo za Einstein, koma kufananako n'kongochitika mwamwayi. Masamu a Newton amatenga kuwala ngati mwala umene umachepa liwiro pokwera. Kuwala sikutero. Aliyense wokuyeza pamene ali amapeza liwiro lomwelo, kaya ali pafupi ndi dzenje kapena kutali. Choncho wophunzira akadzafika pa Einstein ayenera kusunga yankho n'kutaya njira yonse imene anafikira pa yankholo.

*Zoopsa.* Imalephera funso la roketi. Liwiro lothawira limakhudza chinthu choponyedwa kamodzi n'kusiyidwa. Chimene chili ndi injini chikhoza kuchoka padziko chikuyenda ngati njinga, bola chisaleke kukankha. Mwa njira iyi, munthu akhoza kutuluka m'dzenje lakuda pokwera chingwe. Ndiponso mwala woponyedwa mosakwana liwiro lothawira umakwerabe ndithu usanabwerere, ndiye kuti kuwala kwa nyenyezi ya Michell kukanatuluka kamtunda, ndipo wokhala pafupi akanaiona. Dzenje lenileni silitero: kuwala kochokera mkati mwa malire sikudutsa ngakhale sentimita imodzi.

Njira yachiwiri: nsalu yobonyoka

Iyi ndi ija yotambasula nsalu, kuika chinthu cholemera pakati, n'kugubuduza timipira mozungulira.

*Mtengo.* Palibe masamu alionse.

*Kupezeka.* Nsalu yotamuka ndi anthu oigwira m'mbali basi, ndipo zithunzi zake zili ponseponse.

*Kusamalira.* Imasonyeza kupindika kwa malo kokha, chonsecho chimene chimagwetsa zinthu makamaka ndi kusokonekera kwa nthawi. Mbali yofunikayo muyenera kudzaiwonjezera nokha.

*Zoopsa.* Timipira timatsetserekera pakati chifukwa dziko likutikokera pansi, ndiye mukufotokoza mphamvu yokoka pogwiritsa ntchito mphamvu yokoka yomweyo. Pa funso la roketi ilibe chonena: chigwa chikhale chakuya motani, wakhama akhoza kukwera. Ine sindingaigwiritse ntchito pa funso la kuwala, ngakhale imathandiza posonyeza chifukwa chimene njira ya kuwala imakhotera ikadutsa pafupi ndi dzuwa.

Njira yachitatu: mtsinje

Njira iyi imati malo enieniwo tiwaone ngati akuyenderera kulowera ku dzenje, monga madzi olowera ku mathithi. Kuwala kuli ngati wopalasa bwato amene liwiro lake pamadzi silisintha. Kutali ndi mathithi madzi amayenda pang'onopang'ono, ndipo wopalasa wolunjika kumtunda amapita ndithu. Pafupi madzi amathamanga. Pali mzere wina pamene liwiro la madzi limalingana ndi la wopalasa, ndipo pamenepo amapalasa ndi mphamvu zonse koma sasuntha. Kupyola mzerewo, ngakhale bwato litaloza kumtunda, limapita kumunsi.

Ichi si chifanizo chongokometsera nkhani. Chimachokera ku kalembedwe kena ka yankho la Schwarzschild lomwe lija, kamene Paul Painlevé ndi Allvar Gullstrand anapeza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, ndipo manambala ake ndi enieni. Liwiro la mtsinjewo pamalo alionse ndi liwiro limene chinthu chogwa kuchokera kutali kwambiri chingakhale nalo chikafika pamenepo. Tiyeni tiyese pa dzenje lathu la madzuwa 10. Pa makilomita 120 kuchokera pakati, mtsinje ukuyenda makilomita 150,000 pa sekondi, theka la liwiro la kuwala. Kuwala kolunjika kunja kumapita patsogolo ndi 300,000 kuchotsapo 150,000, ndiye kumatuluka. Pa makilomita 30 mtsinje uli pa 300,000, ndipo kuchotserako kumasiya ziro. Kuwala kotulutsidwa pamenepo kolunjika kunja kumangokhala pamalire pomwepo. Pa makilomita 7.5 mtsinje uli pa 600,000, ndipo kuwala koloza kunja kumalowera mkati pa liwiro la 300,000.

*Mtengo.* Wotsika modabwitsa. Mukufunika `v = c√(30/r)` pa dzenje limeneli, `r` ali m'makilomita, kenako kuchotsera basi.

*Kupezeka.* Siipezeka kwambiri m'mabuku akale a sukulu, koma aliyense anaonapo madzi oyenda, ndipo choko ndi bolodi n'zokwanira.

*Kusamalira.* N'kochepa. Womvera akapita patsogolo sataya kanthu, amangophunzira kuti aka ndi kalembedwe kamodzi mwa angapo. Manambala ali pamwambawa ndi a dzenje losazungulira. Maenje enieni amazungulira, ndipo pamenepo mtsinjewo umafunika kuupotoza, zomwe sizichitikanso pa bolodi mosavuta.

*Zoopsa.* Zilipo ziwiri. Choyamba, wina adzafunsa kuti mtsinje ungathamange bwanji kuposa kuwala. Yankho n'lakuti palibe madzi kapena chinthu chilichonse chimene chikuyenderera, ndipo lamulo la Einstein limaletsa chinthu kupitirira kuwala kumene kuli nacho pamalo amodzi. Mkati mwa dzenje lamuloli silisweka. Chachiwiri, anthu amayamba kuganiza kuti dzenje limayamwa chilichonse. Kutali ndi malire mtsinjewo ndi wofanana ndi wa nyenyezi iliyonse yolemera chimodzimodzi. Dzuwa litasanduka dzenje lakuda lero, dziko lingazizire koma lingapitirize kuzungulira m'njira yake yomweyo. Ndipotu mwa kawerengedwe kameneka pamwamba pa dziko lathu mtsinje ukuyenda makilomita 11.2 pa sekondi, nambala ija ya njira yoyamba, koma tsopano ili ndi tanthauzo lina.

Funso la roketi imaliyankha bwino lomwe. Roketi iliyonse imayenda pamadziwo mochedwa kuposa kuwala. Ngati kuwala kukukokoloka, roketi ingatani?

Njira yachinayi: mafanelo a kuwala

Iyi ndi imene akatswiri amagwiritsa ntchito akamakambirana okhaokha. Jambulani mizere iwiri: wopita m'mwamba ukuimira nthawi, wopingasa ukuimira mtunda kuchokera pakati pa dzenje. Ikani kadontho posonyeza munthu amene wayatsa tochi ziwiri, ina kuloza kunja, ina mkati. Kuchokera pa kadonthoko mizere iwiri ya kuwala imakwera motalikirana ngati fanelo. Popeza palibe chothamanga kuposa kuwala, chilichonse chimene munthuyo angachite, kulikonse kumene angafike, chili mkati mwa faneloyo. Faneloyo ndiye tsogolo lake lonse.

Kutali ndi dzenje fanelo imaima chilili, ndipo munthu akhoza kupita uku kapena uko. Poyandikira imapendekera ku dzenje. Mukhoza kujambula kupendekekaku ndi manambala a mtsinje aja. Pa makilomita 120, mbali ina ya fanelo ikupita kunja pa 150,000, ina mkati pa 450,000. Pa makilomita 30, mbali yakunja yaima njo, osapendekera kunja ngakhale pang'ono. Pa makilomita 7.5 mbali zonse ziwiri zaloza mkati. Apa ndi pamene pali yankho lenileni la funso lathu. Mkati mwa malire mulibe njira yotsekedwa ndi mphamvu inayake yoti mwina injini yaikulu ingaigonjetse. Kungoti malo onse amene ali m'tsogolo mwa munthuyo ali kufupi ndi pakati kuposa pamene ali. Kufika pakati kumakhala kosapeweka mofanana ndi kufika kwa mawa. Pa dzenje la madzuwa 10 ulendowu sukwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Pa la pakati pa mlalang'amba wathu ndi pafupifupi mphindi imodzi.

Njira iyi imalumikizananso bwino ndi zimene woonera patali amaona. Wotchi yoimitsidwa pamalo amodzi pafupi ndi dzenje imachedwa poyerekeza ndi yakutali, mwa muyezo wa `√(1 − 30/r)` pa dzenje lathuli. Pa makilomita 40 imayenda theka la liwiro la yakutali, ndipo kuwala kobiriwira kochokera pamenepo kumafika kutafiira mpaka maso sangakuonenso. Mamita 300 okha pamwamba pa malire, wotchiyo imachedwa kakhumi. Choncho woonera patali saona chinthu chikudutsa malire. Amaona chikufiira, chikuzilala, n'kuzimiririka pasanathe sekondi. Wogwayo amadutsa osaona chizindikiro chilichonse pamalirepo, pakuti palibe khoma. Kuchedwa kwa wotchiku kumayezedwa ngakhale kuno: mawotchi a masetilaiti a GPS amatsogola ndi pafupifupi magawo 38 mwa magawo miliyoni a sekondi tsiku lililonse poyerekeza ndi apansi, ndipo amachita kuwakonzeratu.

*Mtengo.* Wokwera. Masamu akhoza kuchepetsedwa, koma womvera ayenera kuzolowera kuona nthawi ngati mzere wa pa pepala, ndipo zimenezi sizilowa tsiku limodzi.

*Kupezeka.* Ili m'mabuku a kuyunivesite. Ganizo lojambula nthawi ndi malo pamodzi linachokera kwa Hermann Minkowski mu 1908, ndipo David Finkelstein mu 1958 ndi amene anamveketsa kuti malirewo amadutsika mbali imodzi yokha.

*Kusamalira.* Palibe chodzataya. Umboni wa Penrose uja, umene unamupezetsa mphoto ya Nobel mu 2020, wamangidwa pa ganizo lomweli: malo amene kuwala koloza kunja ndi koloza mkati konse kukupanikizika.

*Zoopsa.* Kapendekedwe ka mafanelo pa pepala kamadalira mmene mwasankhira kuyeza nthawi. Buku lina limawajambula akupendekera, lina akuphwatalala n'kutsekeka pamalire, ndipo wophunzira woona zonse ziwiri amaganiza kuti lina lalakwitsa. Chithunzi cha mafanelo otsekeka chija n'chimene chimabala bodza lofala lakuti nthawi imaima pamalire ndipo palibe chimene chimagweramo. Choopsa china ndi kuloweza mawu akuti malo ndi nthawi zimasinthana, munthu osatha kujambula fanelo ngakhale imodzi. Muyeseni pomupatsa mtunda wa makilomita 60 kuti ajambule yekha. Ngati mbali yakunja akuipendeketsabe kunja, koma pang'ono kuposa ya pa 120, wamva.

Iti kwa yani

Ngati mukulankhula ndi ana kapena anthu amene sanaphunzirepo sayansi, ndipo muli ndi mphindi zochepa, tengani mtsinje popanda manambala. Wopalasa wosasuntha pamzere uja ndi wokwanira, ndipo simudzafunika kubweza mawu anu m'tsogolo.

Ngati ophunzira anu akudziwa malamulo a Newton ndipo mayeso akufuna kuti awerengere kukula kwa malire, liwiro lothawira silingapeweke. Aloleni apeze makilomita atatu a dzuwa ndi mamilimita 9 a dziko lapansi. Koma tsiku lomwelo afunseni funso la roketi, aone okha pamene njirayo yagwera, kenako muwapatse mtsinje ndi nambala yomweyo ya liwiro. Kusamukako n'kosavuta chifukwa masamu ake ndi amodzi.

Nsalu isungireni phunziro la kukhota kwa kuwala ndi kazunguliridwe ka mapulaneti. Ingathandizenso pang'ono pofotokoza chithunzi cha dzenje la mu mlalang'amba wa M87 chimene chinatulutsidwa pa 10 Epulo 2019, pamene mdima wapakati ukuoneka waukulu kuposa malire enieni pafupifupi kawiri ndi theka chifukwa kuwala kodutsa pafupi kumakhota n'kugweramo.

Amene akupita kukaphunzira sayansi imeneyi mozama, kapena amene wafunsa kale kuti wogwera mkati amaona chiyani ndipo wotsala kunja amaona chiyani, apite ku mafanelo. Ayambe ndi manambala a mtsinje pa makilomita 120, 30 ndi 7.5, ajambule mafanelo atatuwo ndi dzanja lake, ndipo zithunzi za m'mabuku ena azione pambuyo pake.